Belu Likalira Mosalekeza, Mwana Wanu Adzaima Pati?

Amayi anzanga, sabata ino ndatenga nkhani ya kusukulu. Pali funso limene ndakhala ndikufunsa m'magulu athu chichokereni namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagumula mapiri, kukokolola midzi ndi kutseketsa sukulu m'chigawo cha kumwera. Funsolo ndi ili: kodi moto utabuka, kapena mtsinje utasefukira ana ali m'kalasi, mwana wanu akudziwa kumene angakaime? Ambiri amayankha kuti, "Adzathawira kunyumba." Yankho limenelo ndilo limandisowetsa tulo, pakuti mwana wothawira kunyumba palibe amene amamuwerenga, ndipo njira ya kunyumbayo nthawi zambiri imadutsa pa mtsinje womwewo.

Pa sukulu ya kwathu kuno, imene ine ndimathandizako m'gulu la amayi, tinakhala pansi ndi aphunzitsi, a komiti ya sukulu ndi a nyakwawa, n'kulemba dongosolo la kasamutsidwe ka ana. Linakwana pa mapepala awiri okha. Tsono ndikufuna ndikufotokozereni zimene zili m'menemo, makamaka zimene tinaphunzira tsiku limene tinaliyesa.

Tinayamba ndi belu. Belu lathu ndi limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo wa mango, ndipo ana anazolowera kuti likalira ndiye kuti ndi nthawi yopuma kapena yoweruka. Tinapangana kuti la ngozi lizilira mosalekeza, kopanda kupumira, kufikira kalasi lomaliza litatuluka. Aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo ali ndi mawezulo, kuchitira kuti mwina motowo uli pafupi ndi belu lomwelo.

Malo osonkhanirapo tinasankha awiri, ndipo apa m'pamene panali mtsutso. Aliyense anati ana azikaima ku bwalo la mpira. Pa nkhani ya moto zimenezo n'zoona: bwalolo ndi loyera, lili kutali ndi makalasi, mulibe mawaya a magetsi, ndiponso silili pa chipata pamene galimoto yodzathandiza ingafune kulowera. Limathandizanso pa chivomezi, monga chija chinagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009, ngakhale kuti pamenepo ana amayamba abisala kunsi kwa madesiki, atagwira mitu, n'kutuluka nthaka italeka kugwedezeka. Koma gogo wina wa m'gulu lathu anatikumbutsa kuti bwalolo linalambulidwa ku dambo chifukwa ndiko kunali kosalala, ndipo mvula ikagwa masiku awiri madzi amayambira komweko. Choncho malo achiwiri, a nthawi ya madzi, ndi tchalitchi chimene chili pa chitunda, ndipo njira yake siwoloka khwawa lililonse. Musapeputse madzi othamanga, amayi. Akangofika masentimita 15, ndiye kuti kungopitirira pang'ono mu akakolo, atha kugwetsa munthu wamkulu. Nanga mwana wa Sitandade 1?

Pali nthawi inanso imene ana sayenera kutuluka konse. Kukamachita mphezi, bwalo la mpira ndi pansi pa mtengo ndiwo malo oipitsitsa, ndipo ana amakhala m'kalasi, kutali ndi mawindo. Ndiye chifukwa chake munthu mmodzi yekha, mphunzitsi wamkulu, ndiye amalamula kuti belu lilire ndi kunena kuti, "Ku bwalo," kapena, "Ku chitunda." Iwo akachoka, amalamula achiwiri awo. Koma woona moto sadikira chilolezo cha wina aliyense: amaimba belu pompo.

Ntchito zina tinagawana polemba maina, osati maudindo okha, ndipo ntchito iliyonse ili ndi anthu awiri, popeza maliro ndi matenda sizipangana ndi ngozi. M'kalasi, monitala amatsogolera mzere, mphunzitsi amatuluka pomalizira atanyamula kaundula. Zikwama, mabuku ndi nsapato zimatsala. Ana amayenda mofulumira koma sathamanga, chifukwa pa khomo limodzi lopapatiza mwana mmodzi akagwa, khumi amamugwera. Mtsikana wina woyendera ndodo anapatsidwa anzake awiri odziwika ndi maina, ndipo mpando wake tinausendeza pafupi ndi khomo. Ife amayi ophika phala, yathu ndi kuzima moto wa kukhitchini ndi kukaona ku mjigo. Mlonda ndi mphunzitsi mmodzi wamkazi amayendera zimbudzi, uyu za anyamata, uyu za atsikana, akugogoda chitseko chimodzichimodzi. Poyendera makalasi tinapezanso kuti chitseko china chimatsekedwa ndi waya ana ali m'kati kuti ochedwa asalowe. Wayayo tinamuchotsa tsiku lomwelo, pakuti mawindo onse ali ndi zitsulo ndipo khomo ndi limodzi.

Tsono ndifike pa kuitana maina, chimene ndicho mtima wa nkhani yonseyi.

Tsiku loyeserera tinalisunga mwachinsinsi. Analidziwa aphunzitsi aakulu ndi ife amayi atatu basi. Belu linalira nthawi itangopitirira 9 koloko. Ana anatuluka bwino ndithu, kalasi lililonse n'kukaima pa mwala wake wopakidwa laimu. Mphunzitsi wa Sitandade 1 anali atalemba pa ngodya ya bolodi m'mawa kuti ana abwera 104. Anawaika m'mizere ya khumikhumi, nawerenga mitu: mizere khumi ndi ana anayi otsala. Anakweza dzanja kusonyeza kuti ana ake akwanira, ndipo tonse tinasangalala.

Koma wa Sitandade 4 anali chiimire, nkhope ili gwa. Kwake kunapelewera mmodzi. Tili m'kati mofunsana, mphunzitsi woyendera zimbudzi uja anatulukira atagwira pa dzanja kamtsikana kakang'ono, kakulira. Kanali ka Sitandade 1. Kanamva belu kali m'chimbudzi, kanachita mantha, n'kudzitsekera.

Nanga 104 uja anakwana bwanji? Mnyamata wa Sitandade 4 amene ankasowayo anali atathamangira kwa mlongo wake wamng'ono, n'kuima naye mu mzere wa Sitandade 1. Mutu wake ndiwo unatseka mpata wa kamtsikana kaja. Chiwerengero chinali cholondola, koma mwana anali m'chimbudzi. Ukanakhala moto weniweni, mphunzitsi akananena ndi mtima wonse kuti ana ake onse ali panja, ndipo palibe akanapita kukafuna.

Kuyambira tsiku limenelo tinasintha. Kuwerenga mitu kulipobe chifukwa n'kwachangu, koma ndi chiyambi chabe. Pambuyo pake maina amaitanidwa kuchokera m'kaundula, ndipo mwana akavomera amakhala pansi, kuti wotsala chiimire aoneke kuti si wa m'kalasilo. Mphunzitsi amayang'ananso nkhope, popeza ana ali ndi chizolowezi chovomerera anzawo. Kuitana maina zana limodzi kumadya nthawi, choncho makalasi aakulu tinawagawa m'magulu a ana khumi okhazikika, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake amene amadziwa anzake asanu ndi anayi. Kwa a Sitandade 1 ndi 2, amene sangathe kudzilondera okha, mayi mmodzi kapena mphunzitsi wina amathandiza poitana theka la kaundula. Akatha, mphunzitsi aliyense amapita kwa achiwiri kwa aphunzitsi aakulu n'kunena zinthu zitatu: anabwera angati, alipo angati, ndipo wosowa ndani. Wosowa amatchulidwa dzina ndi kumene anaonekera komaliza. Mwana satumidwa kukafuna mnzake, ndipo munthu sabwerera m'nyumba imene ikuyaka.

Zonsezi zimaima pa kaundula wa m'mawa. Ngati mphunzitsi sanaitane maina polowa, ku bwalo sangasiyanitse mwana amene watsala m'kalasi ndi amene wagona kunyumba ndi malungo. Ndipo apa, amayi anzanga, tili ndi mlandu ndife. Timapita pa windo 10 koloko n'kukodola mwana kuti akalere mng'ono wake ife tikupita ku chigayo, osauza aphunzitsi. Mwana ameneyo m'kaundula alipo. Belu likalira, anthu adzamufuna m'utsi iye akusenza mwana kumudzi. Tsopano pa ofesi pali kope lolembamo mwana aliyense wochoka nthawi isanakwane, ndi lina la alendo, ndipo makope onse awiri amapita ku bwalo pamodzi ndi makaundula.

Za mnyamata uja sitinamukalipire, pakuti anachita chimene timamuphunzitsa kunyumba, kuti wamkulu asamale wamng'ono. Tinangowauza ana onse kuti aliyense aime ndi kalasi lake kufikira maina atatha, ndipo abale adzakumanitsidwa pambuyo pake ndi aphunzitsi. Inunso muwauze zomwezo pa mkeka madzulo, chifukwa mawu a mayi ndi amene mwana amakumbukira akachita mantha.

Kutumiza uthenga nako kuli ndi mndandanda wake. Woimba foni ndi mmodzi, amene anapatsidwa ntchitoyo, pamene aphunzitsi aakulu akuyang'anira ana. Amayamba ndi othandiza: chipatala chaching'ono cha kwathu, apolisi, ndipo kwa inu a m'tauni ozimitsa moto a khonsolo. Kenaka amadziwitsa mlangizi wa sukulu za m'zoni ndi wapampando wa komiti, ndipo wapampandoyo amauza nyakwawa za midzi yathu isanu. Manambalawo analembedwa pa chikuto cha kaundula aliyense, osati m'foni mokha, popeza foni imatha moto. Pa nthawi ya Freddy magetsi anazima masiku angapo m'madera ambiri, ndiye tinasankhanso abambo awiri a njinga okhala pafupi ndi sukulu oti akanene pakamwa. Uthenga wake ndi waufupi ndipo sasintha: chachitika n'chakuti, ana ali pamalo akuti, makolo abwere kumeneko kapena adikire. Dzina la mwana wovulala silifalitsidwa. Makolo ake amauzidwa paokha ndi munthu wotumidwa.

Chovuta koposa ndi ifeyo tikafika. Mayi akamva kuti kusukulu kwayaka amathamanga nsalu ili m'manja, ndipo akaona wake amangomukoka. Ndani angamudzudzule? Koma akatengedwa ana makumi awiri maina asanathe, kaundula uja watha ntchito. Tinagwirizana kuti makolo aziima kuseri kwa chingwe, pamodzi ndi amayi a gulu lathu amene amawadziwa, ndipo mwana amaperekedwa mphunzitsi atachonga dzina lake ndi kulemba amene wamutenga. Ana a tsidya lina la mtsinje saperekedwa madzi asanaphwe, ngakhale kutada. Amagona ku tchalitchi, ndipo pa mndandanda wathu pali kale amayi anayi odzaphika ndi awiri odzagona nawo.

Kuyeserera kwachiwiri kunayenda bwino pa maina, koma tinapeza kuti njira ya ku chitunda yamera udzu wofika m'chiuno, ndipo a Sitandade 1 anangoti balalabalala. Tidzailambula Loweruka loyamba la Novembala, mvula isanayambe. Bwerani ndi makasu ndi zikwanje, ndipo amene muli ndi laimu wotsala mutengeko, miyala ija yafufuma.