Maminitsi a masamba 14, bwana ali ndi mphindi zisanu

Kuyambira pomwe dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono mu 1998, nkhani ya chitukuko imayenera kuyambira kumudzi. Imachoka ku komiti ya m'mudzi, ipite ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ifike ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma yomwe amaitsogolera ndi bwanamkubwa, kenako ku msonkhano wa khonsolo yonse komwe kumakhala makhansala, aphungu ndi mafumu. Pa sitepe iliyonse pali mlembi, ndipo mlembi aliyense amatulutsa maminitsi.

Ndiye taganizani boma ngati la Dedza. Mapepala akuchokera kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Tambala, mpaka kutsidya kwa mapiri kwa Kachindamoto, onse kukaunjikana pa tebulo limodzi. Amene amakhulupirira kuti bwanamkubwa kapena wapampando wa khonsolo amawerenga zonsezi mzere ndi mzere ndi munthu wa mtima wabwino, koma sadakhaleko mu ofesi. Bwana amayang'ana tsamba loyamba, foni nkulira, galimoto ili panja ikudikira. N'chifukwa chake lero ndikufuna ndicheze ndi alembi pa za tsamba limodzi lachidule lomwe limakhala pamwamba pa maminitsi.

Vutoli si lathu lokha. Pa 9 Ogasiti 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, nduna yaikulu ya ku Mangalande, Winston Churchill, idalembera nduna ndi akuluakulu a boma kuwadandaulira kuti malipoti awo ndi aatali kwambiri, moti munthu amataya nthawi kusakasaka mfundo yeniyeni. Kalata yakeyo idali yosapitirira tsamba limodzi.

Alembi ambiri amaganiza kuti chidule ndi maminitsi omwewo atawaonjetsa. Amatenga ajenda momwe idayendera, kuyambira pemphero, mawu a wapampando, opepesa, maminitsi a msonkhano wapita, nkudulako pang'ono paliponse. Chotuluka ndi kamwana ka maminitsi, kofanana ndi make, kosathandiza ngati make. Maminitsi ntchito yake ndi kusunga umboni wa zomwe zidachitika, n'chifukwa chake amatsata nthawi. Chidule ntchito yake ndi kuuza munthu amene sadalipo zomwe ayenera kuchita, n'chifukwa chake chimatsata kulemera kwa nkhani. Mfundo ya nambala 9 pa ajenda itha kukhala mzere woyamba wa chidule, ndipo mawu otsegulira a wapampando, ngakhale adaomberedwa m'manja, osapezekamo n'komwe.

Tiyeni tiyerekeze ndi nkhani yongopeka, ndipo manambala ake ndi achitsanzo chabe. Komiti yoona za zomangamanga yakumana pa 10 Okutobala, maminitsi atuluka masamba 14. Pa tsamba 11 pali nkhani ya kamlatho ka pa msewu wa fumbi womwe alimi a mbatatesi a kumtunda kwa Bembeke amadutsira popita kumsika. Mgwirizano udali wa K48 miliyoni. Kontilakitala adalandira kale K30 miliyoni, ntchito akuti ili pa theka, ndipo akupempha K9 miliyoni yoonjezera ponena kuti simenti idakwera mtengo. Mamembala adakangana pafupifupi ola lathunthu.

Mlembi wofuna kuthana nazo msanga amalemba kuti nkhani ya mlatho idakambidwa mozama ndipo mamembala adapereka maganizo osiyanasiyana. Palibe bodza pamenepa, koma bwana akawerenga sadziwa ngati kukuyaka moto kapena ayi. Akapeza kuti kudali moto mu Januwale, mtsinje utadzaza ndipo matumba a mbatatesi akuolera kutsidya.

Musanalembe liwu, tengani cholembera mudutse masamba onse 14, muzilemba chizindikiro pa ziganizo za mitundu itatu yokha: pomwe msonkhano udagwirizana chinthu, pomwe munthu adapatsidwa ntchito ndi tsiku, ndi pomwe nkhani idasiyidwa m'malere. Zina zonse, monga yemwe adayankhula motalika ndi yemwe adaseketsa anthu, zitsale m'maminitsi. Mudzadabwa kuti m'masamba 14 ziganizo zoterezi sizikwana 20. Ndipo musathamange pofika kumapeto, pa gawo lija la nkhani zina. Anthu akatopa, njala itawapweteka, ndi pomwe wina amaponya nkhani yoopsa kwambiri ya tsikulo, ndipo imalembedwa m'mizere iwiri.

Kenako chitani masamu omwe msonkhano sudachite. Theka la K48 miliyoni ndi K24 miliyoni. Ngati kontilakitala adalandira K30 miliyoni, ndiye kuti ndalama zili patsogolo pa ntchito ndi K6 miliyoni. Akapatsidwa zomwe akupemphazo, mlatho ufika pa K57 miliyoni. Manambala amenewa sali pa tsamba lililonse la maminitsi, koma ndi omwe angapangitse bwana kuika foni pansi. Kungoti muonetse poyera kuti masamuwa ndi anu, ndipo munene komwe mawu oti theka adachokera. Ngati adangonena khansala atayang'ana ndi maso, si chimodzimodzi ndi injiniya kukayeza.

Palinso nthawi. Konkire imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yomwe amisiri amaiwerengera, ndipo kuno mvula imayamba kugwa mwamphamvu chakumapeto kwa Novembala kapena kulowa Disembala. Konkire yothiridwa pa 1 Novembala ikhwima pa 29 Novembala. Kuchedwa ndi masabata atatu okha kutanthauza kudikira mpaka mvula itatha, ndipo pofika apo chaka cha ndalama za boma, chomwe masiku ano chimatha pa 31 Malichi, chidzakhala chitatseka. Mawu oti mwamsanga sanena zonsezi. Lembani tsiku.

Ndime yoyamba ya chidule ingamveke chonchi: "Bwana, tikupempha kuti pofika pa 14 Okutobala musainire kalata yotuma injiniya kukayeza ntchito ya mlatho. Komiti idagwirizana kuti kontilakitala asalandirenso ndalama mpaka lipoti la injiniya litabwera pa 24 Okutobala (mfundo 9.3, tsamba 11). Walandira K30 miliyoni mwa K48 miliyoni. Khansala wa deralo akuti ntchito ili pa theka, koma sidayezedwe. Ngati zili choncho, mwa kuwerengera kwanga tamulipira K6 miliyoni kuposa ntchito yomwe wagwira. Pa zomuchotsa ntchito komiti sidagwirizane. Konkire ikapanda kuthiridwa pofika pa 1 Novembala, mlathowu sutha mvula isanayambe."

Mwaona kuti chiganizo choyamba ndi pempho. Bwana akawerenga chokhacho nkudzuka, wachoka akudziwa kuti pali kalata yofuna dzina lake ndi tsiku lake. Nambala ya mfundo ndi tsamba zili pomwepo kuti akakayika atsegule tsamba 11 osafufuza mulu wonse. Pansi pa ndime imeneyi mutha kuika zina zomwe zidagwirizanidwa, chilichonse mzere umodzi kapena iwiri, kenako omwe adapatsidwa ntchito ndi masiku awo, ndipo pomaliza zomwe zidatsala osamangidwa. Pamwamba penipeni pakhale dzina la komiti, tsiku, ndi mawu onena ngati anthu adakwana chiwerengero chofunika kuti msonkhano umange mfundo. Mayina onse 40 a obwera asiyeni m'maminitsi.

Pomwe ndikufuna ndikhalitsepo ndi pa mawu atatu awa: adagwirizana, adapempha, adati. Alembi amawasinthanitsa ngati ndi amodzi, pomwe apa ndi pomwe chidule chimasanduka bodza. Phungu akaimirira nkunena mokweza kuti kontilakitala achotsedwe, anthu nkung'ung'udza movomereza, koma wapampando osafunsa msonkhano, ndiye kuti phungu adati. Msonkhano sudagwirizane. Mukalemba kuti komiti idagwirizana zochotsa kontilakitala, bwana nkulemba kalata yothetsa mgwirizano, tsiku lomwe nkhani idzafike kukhoti adzatulutsa maminitsi enieni, ndipo mfundoyo simudzapezeka. Chimodzimodzi komiti yaing'ono ikangopereka ganizo loti lipite ku khonsolo yonse, lembani kuti ikupempha. Musaipatse mphamvu zomwe ilibe.

Apa ulemu wathu umatipusitsa. Tidaleredwa kuti mawu a mfumu kapena a wolemekezeka satayidwa pansi, ndiye mlembi amaona ngati kusiya zomwe a gogo chalo adayankhula ndi mwano. Si mwano. Mawu awo ali bwinobwino m'maminitsi, pa tsamba lake, ndi dzina lawo. M'chidule alowa pokhapokha ngati adasintha chomwe chidagamulidwa, mwachitsanzo ngati mfumu idalonjeza kuti anthu ake atuta mchenga ndi miyala pofika tsiku lakuti. Ulemu womwewo umachititsanso mlembi kufewetsa nkhani yowawa, kulemba kuti pali zovuta zina ndi zina pa kalipiridwe m'malo molemba K6 miliyoni. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kumuika bwana padzuwa, chifukwa owerengera ndalama za boma akadzabwera, woyankha ndi iyeyo.

Musaiwale kuti maminitsi amavomerezedwa pa msonkhano wotsatira, mamembala atawawerenga ndi kukonza zolakwika. Chidule sichingadikire mwezi kapena miyezi itatu, chiyenera kufika kwa bwana pasanathe masiku awiri. Choncho lembani pamwamba kuti chachokera m'maminitsi omwe sadavomerezedwe, ndipo wapampando wa komitiyo achione kaye chisanapite. Iye ndi amene angakuuzeni ngati mwamva molakwika pomwe anthu atatu amayankhula nthawi imodzi.

Za kukula kwa tsamba sinditayapo nthawi. Tsamba limodzi ndi mawu pafupifupi 300 kapena 350 m'zilembo zoti munthu wa magalasi awerenge. Kuchepetsa zilembo mpaka zifanane ndi nyerere kuti masamba awiri alowe pa limodzi ndi chinyengo, ndipo mabwana ambiri masiku ano amawerengera pafoni. Ngati nkhani zolemera zili zisanu ndi ziwiri, sankhani zitatu, zinazo muzitchule mzere umodzi ndi nambala ya tsamba. Ngati chidule chikupita kwa mafumu ndi makomiti a kumudzi, chilembeni m'Chichewa ngakhale maminitsi ali m'Chingerezi, koma manambala ndi masiku zikhale zomwezo ndendende.

Mukamaliza, pezani munthu amene sadali pa msonkhanowo, kaya ndi wa ku akaunti kaya ndi mesenjala wodziwa kuwerenga. Mupatseni tsambalo kwa mphindi ziwiri, mulandeni, mumufunse kuti bwana ayenera kuchita chiyani, pofika liti, ndipo akapanda kutero chichitike n'chiyani. Pa nkhani yathu ija ayenera kuyankha kuti asainire kalata ya injiniya pofika pa 14 Okutobala, apo ayi mlatho ugona mpaka mvula itatha. Akayankha kuti anthu adakambirana za mlatho, bwererani pa tsamba 11 mukayambirenso.