Galayinda ya pa chithunzi

Masiku ano anthu ambiri owotcherera zitsulo kwa Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma sakwera galimoto kukafuna galayinda ku Lilongwe. Thiransipoti yadula, ndipo tsiku limene mmisiri wachoka pa shedi ndi tsiku limene felemu ya chitseko ya mwini wake yagona osatha. Choncho malonda amachitikira pa WhatsApp. Mnyamata wa ku Malangalanga, kapena mlamu amene ali ku Joni, amatumiza zithunzi, ndalama zimapita pa Mpamba kapena Airtel Money, katundu n'kubwera pa minibasi. Akalipentala a ku Namitete, amene mipando yawo timaiona m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, nawonso ayamba kugula makina opalira ndi oboolera matabwa mwa njira yomweyi.

Sindikutsutsa malonda amenewa. Ndikungoti chithunzi chili ndi polekezera pake. Chikhoza kukuuzani motsimikiza kuti chida ndi feki, koma sichingakutsimikizireni kuti ndi chenicheni. Ndiye ntchito yake ndi yosefa, kuti zoipitsitsa zigwe musanatumize ndalama.

Mmisiri wina wa kwa Nsaru, amene amawotcherera ngolo ndi mawindo, anandionetsa zithunzi za galayinda yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115. Mtundu wake unali wobiriwira mopita ku buluu, dzina la Makita lili pambali mooneka bwino, mtengo uli pafupifupi theka la umene anamva mu sitolo. Pa katoni panalembedwa 2400W m'zilembo zazikulu zofiira, ndipo nambala imeneyi ndi imene inamukopa. Ndinamupempha kuti auze wogulitsayo ajambule chapafupi kapepala komata pa thupi la mota. Chithunzi chitabwera tinawerenga izi: 220V, 3.5A, 2400W.

Apa pakufunika masamu a ku pulayimale basi. Mphamvu imene mota imakoka ku magetsi, mawati, siingapose mavoti kuchulukitsa ndi maampu. Tengani 220 kuchulukitsa ndi 3.5, mupeza 770. Kapepalako kakudzitsutsa kokha, chifukwa mota yokoka maampu 3.5 siingakhale ya mawati 2,400. Kuti ifike pamenepo iyenera kukoka maampu pafupifupi 11, ndipo chingwe chake chiyenera kukhala chonenepa, osati kachingwe konga ka wailesi kamene kamaoneka pa chithunzicho. Makampani enieni salakwitsa masamu amenewa. Galayinda ya Makita ya mamilimita 115 yotchedwa 9557HN ndi ya mawati 840, ina yotchedwa GA4530 ndi ya mawati 720. Mawati opitirira 2,000 amapezeka pa zigalayinda zikuluzikulu za disiki ya mamilimita 230, monga GA9020 ya mawati 2,200, imene imalemera makilogalamu oposa 5. Mota yotero siingakwane m'kathupi kogwira ndi dzanja limodzi.

Pa kapepala komweko pali zina zoti muone. Magetsi athu ndi a 230V, 50Hz, chimodzimodzi a ku South Africa, kotero chida chochokera ku Joni chimangofuna kusintha pulagi, kuchotsa ya mano obulungira kuika yathu ya mano amakona. Koma chikalembedwa 120V, 60Hz, n'cha ku America, ndipo chidzapsa tsiku loyamba ngakhale chitakhala chenicheni. Payeneranso kukhala nambala ya mtundu wa chidacho yofanana ndi ya pa katoni, chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kena chosonyeza kuti magetsi atsekerezedwa kawiri, ndi nambala ya siriyo. Nambala ya siriyo ndi ya chida chimodzi chokha. Ngati wogulitsa ali ndi magalayinda angapo, mupempheni ajambule awiri pamodzi. Opanga zachinyengo amakonda kusindikiza kapepala kamodzi kambirimbiri, ndiye mukaona siriyo yofanana pa zida ziwiri, musavutikenso ndi mafunso ena.

Nambala imene ndimaiopa kwambiri ndi ya liwiro, ija imatsatana ndi min-1 kapena r/min. Madisiki odulira zitsulo ambiri amapangidwa kuti m'mphepete mwake musathamange kuposa mamita 80 pa sekondi. N'chifukwa chake disiki ya mamilimita 115 imalembedwa 13,300, pamene ya mamilimita 230 imalembedwa cha m'ma 6,600. Galayinda yaing'ono yozungulira ka 11,000 pa mphindi ili bwinobwino ndi disiki yaing'ono. Koma galayinda yaikulu yolembedwa 11,000 ndiye kuti mwina kapepalako n'kabodza, mwina chidacho n'choopsa, pakuti disiki yaikulu pa liwiro limenelo ikuthamanga mamita oposa 130 pa sekondi. Ikasweka zidutswa zake sizisankha pogwera, ndipo amisiri athu ambiri, tinene zoona, amachotsa chotchinga chija kuti disiki ilowe m'makona. Ena amafika poika disiki yaikulu pa galayinda yaing'ono. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za mabatire ndingodutsamo. Kabatire kamodzi ka lifiyamu kamapereka mavoti pafupifupi 3.6, ndipo tisanu totsatizana timapereka 18, kapena 20 ndi pang'ono tikadzaza kumene. Makina oboolera okhala ndi batire yokwana m'chikhato koma yolembedwa 88V kapena 198V akungokunamizani masana. M'kati mwake muli timabatire tisanu tomwe tija.

Tsopano mutu wa galayinda, chitsulo chotuwa chija chosunga magiya. Chimapangidwa pothira aluminiyamu wosungunula m'chikombole mokankha ndi mphamvu, ndipo chikombole chabwino chimadula ndalama zambiri. Apa ndi pamene wachinyengo amapulumutsira ndalama zake. Pemphani chithunzi chojambulidwa panja, dzuwa likuwomba cham'mbali, kuti mabampu ndi maenje aonetse mthunzi. Pa chida chenicheni khungu la chitsulo limakhala losalala mofanana paliponse, mzere umene mbali ziwiri za chikombole zinakumanirana umakhala woonda ndi wopalidwa bwino, ndipo zilembo ndi kamuvi kosonyeza kozungulira zimakhala zakuthwa m'mbali. Pa feki mumaona timaenje ngati ta nthomba, tizitsulo totsalira m'mphepete, zilembo zofufutika chifukwa chikombole anachikopera pa chida china, ndipo nthawi zina penti wasiliva wokhuthala wobisa zonsezi. Timaenje timeneti si nkhani ya kukongola. Ndi mpweya umene unatsekeredwa m'chitsulo, ndipo ukakhala pafupi ndi pokhala belingi kapena pomangira chogwirira, chitsulocho chimang'aluka kapena belingi imayamba kugwedera, magiya n'kumadyana.

Onaninso pamene mutuwo wakumana ndi thupi la pulasitiki. Zomangira zinayi zija zikhale zofanana ndi zolowa mowongoka, ndipo pasakhale mpata woti chikhadabo n'kulowa. Pa chithunzi cha mmisiri wa kwa Nsaru uja, mbali imodzi inali yothina, ina yoyasama.

Okonza njinga ndi njinga zamoto pa Mpingu angagwiritse ntchito diso lomweli pa masipanala. Sipanala yabwino imasulidwa, kutanthauza kuti chitsulo chotentha chimamenyedwa ndi makina m'chikombole mpaka chitenge maonekedwe, ndiye chimalimba koma osauma gwa. Yotchipa yambiri imangothiridwa. Kusula kumasiya m'mbali mwa chogwirira kamzere kotakata kumene anadulako zotsalira, ngakhale katapalidwa, pamene kuthira kumasiya kamzere koonda ngati ulusi ndi khungu la mchengamchenga pansi pa kunyezimira. Mawu oti DROP FORGED kapena CHROME VANADIUM aliyense akhoza kulemba, ndipo ndinaonapo sipanala imene zilembo za mawu amenewa zinasokonezeka. Yang'anani kukamwa kwake: milomo iwiri ikhale yowongoka ndi yolingana, ndipo ku mbali ya mphete mano akhale akuthwa, bowo lili pakatikati. Sipanala ya 13 yokula kukamwa imakulungiza mutu wa bawuti, ndipo yothira imathyoka mwadzidzidzi m'malo mopindika, dzanja n'kukamenya pa injini.

Katoni ndimaiika kumapeto dala, chifukwa ndi imene anthu amaikhulupirira kwambiri pamene ndi yosavuta kukopera. Komabe imaulula zina. Kokerani chithunzi pafupi muone tizilembo ting'onoting'ono: pa katoni yokopera timakhala tofufutika, mitundu imalowana m'mphepete, Chingerezi chimakhala chothyokathyoka, ndipo chithunzi cha pa katoni chimasiyana ndi chida chili m'kati, mwina switchi ili pena. Dzina lenilenilo liwerengeni chilembo ndi chilembo, pakuti ena amasintha chimodzi chokha. Kwa Bosch, zida za amisiri ndi za buluu ndipo zobiriwira ndi za ntchito zapakhomo, kotero katoni yolembedwa Professional yokhala ndi chida chobiriwira ikufunika mafunso. Koma mawu oti Made in China asakuthawitseni. Makita ndi kampani ya ku Japan, inayamba mu 1915, koma ili ndi mafakitale ake ku China ndi ku Romania, ndipo zida zake zambiri zenizeni zimachokera kumeneko. Ine ndimakayikira kwambiri galayinda yotchipa imene katoni yake yadzaza mbendera za Germany kapena Japan mbali zonse.

Ndinenenso kuti chida chotchipa chokhala ndi dzina lakelake si feki. Pali makampani a ku China ogulitsa zida pa dzina lawo, mawati olembedwa moona, makaboni ake opezeka mu Lilongwe. Mmisiri amene ndalama zake n'zochepa achita bwino kugula chotero kusiyana ndi chovala dzina la eni, chifukwa amene wanama pa dzina sangaope kunama pa waya wa m'kati.

Wayayo ndi amene chithunzi sichingaonetse. Mota zambiri zachinyengo zimakulungidwa ndi waya wa aluminiyamu wokutidwa kopa pamwamba. Pa maso ndi wofiirira bwinobwino, koma amatentha msanga, ndipo kumene magetsi amafika ofooka, kapena pa jenereta yaing'ono, mmisiri akakanikiza chida kuti chidule mota imapsa. Chithunzi chikhozanso kukhala cha chida china, chotengedwa pa intaneti. Choncho uzani wogulitsa aike pambali pa chidacho kapepala kolembedwa pamanja dzina lanu ndi tsiku, ndipo ngati ali ndi sikelo achiike pomwepo, chifukwa aluminiyamu amapepuka kuposa kopa ndipo kulemera kwa chida chenicheni kumalembedwa m'kabuku kake. Gwirizanani kuti ndalama yotsala mupereka katundu akafika. Akafika, chiyatseni mphindi imodzi chopanda disiki, mumve ngati magiya akukukuta, muone pa mawindo a kumbuyo ngati moto wa makaboni ukuzungulira mota yonse m'malo mothetheka pang'ono. Lisiti likhale ndi nambala ya mtundu ndi ya siriyo, pakuti a Malawi Bureau of Standards kapena a Competition and Fair Trading Commission mukapita kukadandaula adzayamba kufunsa chimenecho.