Musanajambule Munthu, Pemphani

Mwakwera shapa ku Tete, mukupita ku Ulongwe. Shapa yaima pamsika wa m'mbali mwa msewu. Mayi wina waunjika mbatatesi bwinobwino, mwana ali kumsana. Dzanja lanu lapita kale m'thumba kukatulutsa foni. Tadikirani kaye.

Foniyo ndi yanu, koma nkhope ndi ya mayiyo. Malamulo aakulu a dziko la Mozambiki, pa ndime 41, amati munthu aliyense ali ndi ufulu woteteza mbiri yake ndi moyo wake wamseri. Ine ndimaona kuti ufuluwu satha chifukwa choti munthu ali pamsika.

Kupempha sikutenga nthawi. Yambani ndi moni, foni ikadali m'thumba. Kenako nenani zimene mukufuna: "Mayi, ndine wapaulendo. Mbatatesi zanu zandisangalatsa. Mungandilole ndikujambuleni? Ndikufuna ndikaonetse a kunyumba." Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri. Munthu ayenera kudziwa kumene chithunzi chake chikupita. Akalola kuti muonetse a kunyumba, sanalole kuti muchitumize pa WhatsApp kwa gulu lonse. Mwanayo simungamufunse, choncho funsani mayi ake ngati nayenso aoneke.

Nanga akakana? Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Kumbukirani kuti si onse amene amakana ndi mawu. Mayi akayang'ana kumbali, akaphimba nkhope ndi chitenje, kapena akangoseka osayankha, ameneyo wakana. Musatenge kukhala chete ngati kuvomera.

Nenani kuti, "Zikomo mayi, ndamva," ndipo foni ibwerere m'thumba. Musafunse chifukwa chake. Mwina anathawa mwamuna wankhanza ndipo sakufuna adziwe kumene ali. Mwina anasekedwapo chifukwa cha chithunzi. Mwinanso sakufuna basi, ndipo chimenecho n'chifukwa chokwanira. Musayambe kumunyengerera ndi ndalama. Munthu amene sanagulitse kanthu kuyambira m'mawa akhoza kulandira mametikali anu mtima ukukana. Ndipo mukabwerera m'shapa, musamujambule mobisa pawindo. Kumeneko n'kuba.

Ena amati, "Ndikapempha, munthu amauma thupi, chithunzi sichikongola." N'zoona, zimachitika. Koma chezani naye pang'ono, gulani mbatatesi ngati mumafuna kugula, mudzaona akumasuka. Akakanabe, pemphani kujambula mulu wa mbatatesi wokha.

Ngati munajambula kale iye n'kukwiya, musakangane naye. Pepesani, muonetseni chithunzicho, ndipo muchifufute iye akuona. Dziwaninso kuti mafoni ambiri sataya chithunzi nthawi yomweyo. Amachisunga masiku pafupifupi 30 pamalo olembedwa kuti Lixo kapena Lixeira. Tsegulani pamenepo, muchifufutenso, mayiyo aone ndi maso ake kuti chapitadi.