Tizilemba nthawi ziwiri pa uthenga woitanira anthu

Abale ndi alongo a kwa Nazombe amene muli kuno ku Joni, ku Cape Town, ku Harare ndi kutsidya kwa nyanja, pali dandaulo limene silisowa pa misonkhano ya mabungwe athu, makamaka mabungwe othandizana pa maliro. Uthenga umati msonkhano uli 2 koloko masana, koma pemphero lotsegulira limamveka cha m'ma 3. Amene adafika msanga amabwerera kwawo atakhumudwa, wapampando amayamba ndi kudzudzula, ndipo amene wadzudzulidwa mwezi wotsatira sabweranso. Ife olemba kalata ino tikuona kuti vuto lalikulu limayambira pa uthenga woitanira anthuwo, chifukwa umatchula nthawi imodzi pamene pakufunika ziwiri.

Tisayambe ndi kunena kuti Amalawi sitidziwa kusunga nthawi, poti si zoona. Amene adagulapo feteleza wotsika mtengo pa Chiringa akudziwa kuti mzere umayamba kusanache. Pa maliro kumudzi palibe amene amalemba ndondomeko, koma aliyense amadziwa nthawi yake: adzukulu amalawirira kumanda m'bandakucha, amayi amayamba kutunga madzi ndi kusonkha moto dzuwa lisanakwere, akwaya amafika pambuyo pake, ndipo mwambo umayamba mfumu itakhala pansi, adzukulu atatumiza mawu akuti kumanda kwatheka. Anthu onsewa abwera ku maliro amodzi, koma nthawi yofika ndi yosiyana malinga ndi ntchito ya munthu. Kumudzi zimayenda chifukwa tonse timaonana, ndipo bwalo la mfumu palibe amene amalitseka ndi loko.

Kuno zinthu n'zina. Holo timachita kulipira pa ola, ndipo woyang'anira akangoona kuti nthawi yakwana amayamba kugwedeza makiyi. Ambiri mwa alongo athu ogwira ntchito za m'nyumba amapuma Lamulungu lokha, ndipo ayenera kubwerera kusanade. Abale a ntchito za ulonda ena amalowa usiku womwewo. Nthawi imene kumudzi inali ya tonse, kuno tidaigulitsa kale kwa mabwana, ndipo yotsalayo ndi yowerengeka.

Nthawi ziwiri zimene tikunenazo ndi izi. Nthawi yoyamba msonkhano ndi pamene wapampando waimirira, aliyense ali pa mpando wake, buku la mayina latsekedwa, pemphero likuyamba. Nthawi yofika ndi pamene munthu ayenera kukhala ataponda pakhomo kuti zonse zoyenera kuchitika msonkhano usanayambe zitheke. Pakati pa nthawi ziwirizi pali ntchito yeniyeni, ndipo ntchitoyo ingathe kuwerengedwa.

Tiyerekeze bungwe la anthu 60 limene lalipira holo kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko Lamulungu. Membala aliyense akafika amaima pa tebulo la msungichuma: dzina lake lifunidwe m'buku, ndalama ya mwezi iwerengedwe, lisiti ilembedwe. Zikayenda bwino, popanda kukangana za ngongole ya mwezi watha, munthu mmodzi amatenga mphindi imodzi. Anthu 60 pa tebulo limodzi ndi ola lathunthu. Ndiye taonani: ngakhale onse 60 atafika 2 koloko yeniyeniyo, popanda wochedwa ndi mmodzi yemwe, msonkhano uyamba 3 koloko. Aliyense wamvera uthenga, koma ola latayika. Wapampando akaimirira n'kuyamba kukalipa, akukalipira anthu amene achita zomwe adauzidwa.

Ola lotayikalo limakalipiridwa kumapeto. Pamafunika mphindi 30 zosanja mipando ndi kusesa kuti makiyi abwezedwe 5 koloko, choncho zokambirana ziyenera kutha 4:30. Kuyamba 2 koloko kumatipatsa maola awiri ndi theka. Kuyamba 3 koloko kumatisiyira ola limodzi ndi theka. Chimene chimadulidwa si malonje kapena mawu a wapampando ayi. Chimadulidwa ndi chimene chili kumapeto kwa ndondomeko, ndipo nthawi zambiri ndi lipoti la ndalama ndi mafunso ake. M'mwezi wa Juni dzuwa ku Johannesburg limalowa cha m'ma 5:30, ndiye mayi wobwerera ku Tembisa kapena ku Diepsloot amayamba kunyamula chikwama 4 koloko. Pofika nthawi yogwirizana za ndalama yonyamulira maliro mpaka ku Phalombe, m'holo mwatsala anthu ochepa, ndipo amene adachoka amadzamva kunja zimene ena adawagamulira. Manong'onong'o ambiri okhudza thumba la bungwe amabadwira pamenepa.

Kukonza kwake n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati tiyamba 2 koloko, matebulo olembera akhale awiri, mayina agawidwe pakati, ndipo ola lija lisanduka mphindi 30. Ndiye kuti nthawi yofika ya mamembala onse ndi 1:30. Msungichuma ndi mlembi ayenera kukhala atayala mabuku pofika 1:15, ndipo oyala mipando afike 1 koloko pamene chitseko chikutsegulidwa. Msonkhano ndi umodzi, nthawi yoyamba ndi imodzi, koma nthawi zofika ndi zitatu, ndipo aliyense auzidwe yake yokha. Palinso nthawi ina imene komiti singalembere munthu: nthawi yonyamuka kunyumba. Wokwera matekisi awiri, wosinthira pa Bree kapena pa Noord, akudziwa kuti Lamulungu tekisi imachedwa kudzaza. Ngati ulendo wake umadya maola awiri, ndiye kuti kwa iye msonkhano wa 2 koloko ukutanthauza kutseka chitseko chake 11:30. Komiti nayo iziyamba yafunsa nthawi imene mapemphero amatha m'mipingo ya mamembala ake. Kuitana munthu 1:30 pamene tchalitchi chake chimatuluka 1 koloko kutsidya lina la tauni n'kumupangira mlandu dala.

Pali njira ina imene ambiri taizolowera, ndipo tikupempha kuti ithe: kulemba 12 koloko pamene mumtima mukudziwa kuti muyamba 2. Imagwira kamodzi kapena kawiri. Koma amene amalangidwa ndi munthu wokhulupirika, yemwe wasiya nkhomaliro n'kupeza holo yotseka. Ulendo wotsatira iyenso amawonjezera maola awiri pa nthawi iliyonse imene mwalemba, ndipo komiti imayamba kulemba 11 koloko. Chizindikiro chakuti bungwe lafika pamenepa n'chosavuta kuona: anthu amayamba kuimbirana foni kufunsa kuti, "Kodi mwayamba kumeneko?" asananyamuke kunyumba. Zikatero dziwani kuti uthenga wanu palibenso akuukhulupirira.

Tsono tipemphe bwanji popanda kumveka ngati kapitawo? Anthu athu amalamulidwa sabata yonse ku ntchito, ena ndi mawu opweteka, ndipo sadzera zomwezo kwa abale awo Lamulungu. Uthenga wonga uwu timauona kawirikawiri pa WhatsApp: "Aliyense afike pa nthawi yake. Ochedwa sitiwadikira." Palibe bodza m'menemo, koma ukuweruza munthu asanalakwe, ndipo sukumuuza ngakhale nthawi imene afike. Yerekezani ndi uwu: "Abale ndi alongo, msonkhano wathu uli Lamulungu. Khomo likhala lotsegula ndipo tiyi akhala atapsa kuyambira 1:30, kuti tilembetse ndi kupatsana moni mosathamanga. Pemphero lotsegulira ndi 2 koloko. Holo tibweza 5 koloko, ndipo tikufuna kuti amayi ochokera kutali akwere kusanade. Mukatithandiza pofika 1:30 tithokoza kwambiri."

Uthenga wachiwiriwu sukunyengerera, ndipo nthawi zake n'zolimba kuposa za woyamba uja. Umapereka chifukwa, ndipo chifukwacho ndi anthu amene tonse tikuwadziwa, osati ulemu wa komiti. Umanenanso chimene wofika msanga akapeze. Mfundo imeneyi tisaipeputse: munthu safuna kukhala yekha m'holo yozizira kuyang'ana mipando. Malonje athu ndi aatali, ndipo ayenera kutero, poti ena timaonana kamodzi pa mwezi ndipo pali zofunsana za mvula, za nandolo, za odwala kumudzi. Mukapanda kuwapatsa mphindi zawo, malonjewo adzalowa okha mkati mwa msonkhano.

Akuluakulu ndi nkhani ina. Bambo amene kumudzi ndi nduna ya mfumu, kapena mayi amene adatilandira tonse titangofika kuno, musawasiyire uthenga wa pagulu. Aimbireni foni, ndipo muwapatse mbali: "Bambo, tinati tikupempheni kuti mudzatitsegulire ndi pemphero. Tikadakonda mutafika cha m'ma 1:30 kuti achinyamata adzakupatseni moni tisanayambe. Kodi titumize mnyamata adzakutengeni?" Akale adati kalulu adatuma njovu. Munthu amene wapatsidwa ntchito amadziwa kuti akusowekadi, ndipo sachedwa kawirikawiri.

Za chindapusa cha ochedwa, maganizo athu ndi akuti chisamaikidwe ndi komiti yokha. Ngati mamembala onse agwirizana, chabwino, koma dziwani kuti munthu amene tekisi yamuchedwetsa, akakumbukira chindapusa amangobwerera panjira, ndipo bungwe limataya munthu pamodzi ndi chopereka chake cha mwezi. Chothandiza n'kusiya mipando ingapo pafupi ndi khomo, ndi munthu mmodzi woima pamenepo kulandira wochedwa ndi kumunong'oneza pamene tafika. Ndalama yake adzapereke pomaliza. Wapampando asabwereze zimene zakambidwa kale, komanso asamutchule dzina.

Pamene tikulumikizana pa foni ndi abale akumudzi, monga pokambirana za maliro kapena chinkhoswe, nthawi ziwirizi zimafunikanso. Malawi, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, koma Malawi amakhala patsogolo pa Mangalande ndi ola limodzi kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi, ndi maola awiri kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala. Muzilemba kuti "nthawi ya ku Malawi", ndipo mupemphe onse alowe mphindi 15 zokambirana zisanayambe kuti muyesane ngati mukumvana. Kumbukirani kuti wakumudzi mwina wachita kuyenda kukafuna pamene netiweki ikugwira, foni wachita kutchajitsa, ndipo bandulo imene wagula ikutha pamene akudikira inu.

Zonsezi zimagwa ngati komiti siisunga mbali yake. Mukalemba kuti khomo litsegulidwa 1:30, munthu woyamba kufika akupezeni muli mkati, madzi a tiyi ali pamoto. Mukalemba kuti pemphero ndi 2 koloko, liyambe 2 koloko ngakhale theka la mipando lili lopanda anthu. Mwezi woyamba ena adzadandaula kuti simudawadikire. Ayankheni mwaulemu kuti holo ndi ya maola owerengeka. Alembi a mabungwe athu onse, pa uthenga wanu wotsatira tikupempha kuti mulembe nthawi yofika, nthawi yoyamba ndi nthawi yobweza makiyi, ndipo apampando, ikakwana 2 koloko imirirani muyambe.