Magazi Sanatuluke, Koma Ubongo Wavulala

Munthu akagwa pa makwerero n'kuthyoka mwendo, palibe amene amatsutsa kuti wavulala. Koma akamenyetsa mutu pansi n'kudzuka yekha, kapitawo amangosuzumira kuti aone ngati pali magazi, ndipo akapanda kuwaona amati, "Imwani madzi, mubwerere mumzere." Ine ndikuti mawu amenewa ndi olakwika, ndipo inu amene mumagwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za anthu muli ndi chifukwa chomveka chowakanira.

Pa kafukufuku wanga ndinacheza ndi bambo wina wa ku Ntcheu amene ankathyola malalanje pa famu ina ku Limpopo. Tsiku lina m'mawa makwerero anaterereka, chikwama chodzaza chinamukokera chagada, ndipo anamenyetsa nkhongo pa dothi louma. Sanakomoke. Amakumbukira akukwera, kenako amakumbukira atakhala pansi pa mtengo. Za pakati apo palibe chimene chinatsala m'mutu mwake. Mnzake anandiuza kuti bamboyo anamufunsa katatu kuti linali tsiku lanji. Patangotha theka la ola anali atakweranso makwerero, pakuti malipiro ankawerengera zikwama.

Chimene chinamuchitikira madokotala amachitcha konkashoni, ndiko kuti kugwedezeka kwa ubongo. Ubongo ndi wofewa kwambiri, ndipo umayandama m'timadzi mkati mwa chigaza cholimba. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirirabe ulendo wake, n'kugunda khoma la chigaza, n'kubwerera. Choipa koposa ndi pamene mutu wapotoka pogwa, chifukwa timinyewa tating'ono totumiza mauthenga kuchokera mbali ina ya ubongo kupita ina timakokeka ngati ulusi. Tikakokeka, mchere umene umayenera kukhala mkati mwa timinyewato umatayikira kunja, ndipo wakunja umalowa mkati. Kuti ubwezere zonse m'malo mwake, ubongo umafuna shuga wambiri kuposa masiku onse, pa nthawi yomwe magazi obweretsa shugayo akuyenda mocheperako. Kwa masiku angapo umakhala ngati banja limene ndalama zolowa zatsika pomwe ngongole zakwera.

Kuvulala kotere sikuoneka ndi maso, ndipo kawirikawiri sikuoneka ngakhale pa makina ojambula m'mutu a CT. Makinawo amafufuza magazi otayikira mkati ndi fupa losweka. Akanena kuti chithunzi chili bwino, tanthauzo lake ndi lakuti simukufunika opaleshoni. Sakunena kuti mwachira. Dziwaninso kuti anthu ambiri amene ubongo wawo wagwedezeka sakomoka n'komwe. Choncho funso la abwana lakuti "Kodi anakomoka?" silithetsa nkhani.

M'masabata otsatira, zikwama za bambo uja zinayamba kuchepa. Dzuwa linkamulasa m'maso, phokoso la thirakitala linkamupweteketsa mutu, ndipo kapitawo akamuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi ankagwira choyamba chokha. Pofika masana ankatopa ngati wagwira ntchito masiku awiri. Usiku tulo tinkavuta, ndipo anakangana ndi anzake ogona nawo chipinda pa nkhani ya wailesi, iye amene kale sankadziwika ndi mkwiyo. Zonsezi ndi zizindikiro zodziwika bwino. Nzeru za munthu sizichoka. Chimene chimatsika ndi liwiro la kuganiza, mphamvu yoika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kusunga m'mutu zimene wangomva kumene. Za kale amazikumbukira bwinobwino, dzina la mfumu ya kwawo ndi chaka chimene anakwatira, koma amaiwala pamene waika lumo lodulira zipatso. N'chifukwa chake anthu amamukayikira. Pa famupo anamutcha waulesi, ena ankanong'ona kuti wayamba mowa, ndipo nyengo yotsatira sanamuitanenso.

Chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti kuvulala kwake kunali kwa mtundu umene nthawi zambiri umapola. Akuluakulu ambiri amachira pakati pa masabata awiri ndi anayi. Chofunika ndi kupuma tsiku limodzi kapena awiri oyamba: osanyamula zolemera, osakwera pamwamba, osayendetsa makina kapena galimoto, osamwa mowa, ndiponso kuchepetsa kuyang'ana foni. Pambuyo pake si bwino kungogona m'chipinda chamdima sabata yonse, monga ankalangizira kale. Zimenezo zimachedwetsa kuchira. Muyambe kuyenda pang'ono, kenako ntchito yopepuka ya pansi kwa maola ochepa, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku. Mutu ukayamba kupweteka kwambiri kapena chizungulire chikabwerera, mwafulumira. Bwererani pa mlingo wa dzulo. Makwerero akhale omaliza, chizungulire chitatheratu, pakuti munthu amene ubongo wake sunapole amagwa msanga, ndipo kumenyetsa mutu kachiwiri koyamba kusanapole kumatalikitsa matenda ndipo nthawi zina kumaika moyo pachiswe. Alipo ena amene zizindikiro zimawapitirira mwezi, ngakhale miyezi itatu. Amenewo abwerere kuchipatala, chifukwa chizungulire, kupweteka kwa khosi ndi kusowa tulo zili ndi chithandizo chakechake.

Masiku awiri opuma ndi ochepa. Koma kwa munthu wolipidwa pa chikwama, kapena wogona m'kanyumba ka kuseri kwa abwana, masiku awiriwo sali m'manja mwake. Apa m'pamene nkhani ya chipatala imasanduka nkhani ya ntchito.

Tisanafike kumeneko, pali ngozi ina imene siidikira. Nthawi zina mtsempha wa magazi umang'ambika mkati mwa chigaza. Munthu amatha kudzuka, kuyankhula, ngakhale kudya, pomwe magazi akuunjikana pang'onopang'ono ndi kupanikiza ubongo, kenako patapita maola amafooka mwadzidzidzi. Choncho wovulala m'mutu asagone yekha usiku woyamba. Mukaona kuti akusanza mobwereza, mutu ukupwetekerapwetekera, akuvuta kudzutsa, akusokonekera kuposa poyamba, akuphupha ngati wa khunyu, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa kanzake, kapena timadzi toyera tikutuluka m'mphuno kapena m'khutu, musadikire kuti kuche kapena kuti abwana abwere ndi galimoto. Pa ululu wa mutu mupatseni panado. Asipirini ndi bulufeni muzipewe tsiku loyambalo, chifukwa zimatha kuwonjezera kutaya magazi.

Kuchipatala amayeza kukula kwa vuto ndi sikelo imene madokotala awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anailemba mu 1974. Amaona ngati munthu akutsegula maso, akuyankha zomveka, ndiponso akusuntha ziwalo akauzidwa, n'kupereka nambala kuyambira 3 mpaka 15. Kuyambira 13 mpaka 15 ndi kuvulala kocheperako, kumene kugwedezeka kwa ubongo kumagwera. Kuyambira 9 mpaka 12 ndi kuvulala kwapakati. Amayang'ananso nthawi: kukomoka kopitirira mphindi 30, kapena kukhala wosokonekera wosasunga zatsopano m'mutu kopitirira tsiku lathunthu, kumasonyeza kuti vutolo ladutsa pa konkashoni wamba.

Mawu oti "kwapakati" asakunyengeni. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anagwa pa masitepe atanyamula dengu la zovala. Anakomoka pafupifupi ola, ndipo masiku atatu otsatira sakuwakumbukira. Chithunzi chinasonyeza kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo inatunduzika. Malo amenewa amavulala kawirikawiri, ngakhale munthu atamenyetsa nkhongo, chifukwa fupa limene ubongo wa kutsogolo umatsamira ndi lokakala. Ndipo mbali imeneyi ndiyo imakonza ndondomeko ya zochita ndi kugwira mtima wa munthu. Atatuluka m'chipatala mayiyo ankayenda ndi kuyankhula bwinobwino, moti onse anati wachira. Koma ntchito ya m'nyumba ndi ntchito ya ndondomeko: mpunga uli pamoto, makina akuchapa, mwana atengedwe kusukulu pa nthawi yake. Iye ankayamba zitatu osamaliza n'chimodzi chomwe, anapsereza miphika, ndipo tsiku lina anawayankha mwaukali madamu ake, zimene pa zaka zonse anali asanachitepo. Iye mwini sankaona kuti wasintha, ndipo kusaonako nakonso ndi mbali ya kuvulalaku.

Kuchira kwa mtundu umenewu kumawerengedwa m'miyezi. Kusintha kwakukulu kumabwera m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kenako kumapitirira pang'onopang'ono mpaka chaka kapena ziwiri. Ena amabwerera pa ntchito yawo yonse; ena amatsala ndi kuiwala, kutopa msanga kapena kupsa mtima moyo wawo wonse. Chimene chinamuthandiza mayiyu ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri: kulemba ntchito za tsiku papepala, kuchita imodzi n'kuimaliza asanayambe ina, belu la pafoni lomukumbutsa za moto, ndi kupuma masana. Njira zotere amaphunzitsa ndi akatswiri a m'zipatala othandiza ovulala kubwerera ku ntchito zawo, ndipo ndi bwino kupempha dokotala kuti akutumizeni kwa iwo.

Mwina mukuti, "Ndikadandaula andichotsa." Mantha amenewo ndi oona, ndipo sindingawapeputse. Koma bambo wa ku Ntcheu uja anakhala chete, ndipo ntchito inamutherabe, wopanda pepala lililonse losonyeza kuti anagwa. Ku South Africa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito, la COIDA la 1993, limakhudza ogwira ntchito m'mafamu, ndipo kuyambira mu 2020, Khoti la Malamulo Aakulu litagamula mlandu wa Mahlangu, limakhudzanso ogwira ntchito m'nyumba. Bwana ayenera kupereka lipoti la ngozi pasanathe masiku asanu ndi awiri, pa fomu ya W.Cl.2, ndipo dokotala amalemba lipoti loyamba pa W.Cl.4.

Vuto la kuvulala m'mutu n'lakuti mboni yaikulu, mwini wakeyo, ndi amene sakumbukira. Ntchito imeneyi imagwera inu amene munali pafupi. Tsiku lomwelo lembani, ngakhale mu uthenga wa pafoni wotumiza kwa mnzanu: tsiku ndi ola, kutalika kwa pamene anagwa, mbali ya mutu imene inagunda, ngati anakomoka ndi kwa mphindi zingati, mafunso amene ankabwereza, ndi nthawi imene anayamba kuyankha zomveka. Mumuperekeze kuchipatala, chifukwa dokotala akamufunsa yekha adzangoti "ndili bwino." Ndipo musanatuluke m'chipindamo, pemphani kuti pa khadi alembe kuti anamenyetsa mutu ali pantchito, ndi masiku amene sayenera kukwera makwerero.