Kwacha ya 1968 inkayima pa mkuwa osati pa golide

Nkhani iyi siikutha mu maminibasi a ku Masala, pa tuntemba, ngakhale pa wailesi anthu akatuma lamya: akuti nthawi ya a Kaunda kwacha inali yamphamvu kupambana dola chifukwa inali ndi golide kumbuyo kwake, ndiye boma lingolamula mtengo umodzi, tibwerere ku golide, mavuto athe. Amene amakamba izi si opusa. Amagula unga ndi mafuta ndi ndalama imene imasungunuka m'thumba, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma ife tikukana. Mankhwala amene akufunawo anayesedwa kale ndi dziko lonse lapansi, ndiponso ndi Zambia yomweyi, ndipo tikudziwa mmene anathera.

Tiyambe ndi zimene zili zoona. Kwacha inabadwa mu Januwale 1968, kulowa m'malo mwa paundi ya Zambia, makwacha awiri pa paundi imodzi. Kwacha imodzi inali kugula dola imodzi ndi masenti 40. Agogo anu akakuuzani izi sakunama. Funso n'lakuti nambala imeneyo inachokera kuti, ndipo ndani anali kuigwira kuti isagwe.

Mu Julaye 1944, nkhondo yachiwiri isanathe, nthumwi za mayiko 44 zinakumana ku Bretton Woods ku Amereka. Zinali kukumbukira chisokonezo cha m'ma 1930, pamene mayiko anali kupikisana kutsitsa ndalama zawo kuti katundu wawo atchipe kunja. Anagwirizana chinthu chonga makwerero. Pamwamba panali golide. Amereka inalonjeza kuti aunsi imodzi ya golide, imene ndi magalamu 31 ndi pang'ono, izikhala madola 35 nthawi zonse. Pansi pake, dziko lililonse linalengeza mtengo wa ndalama yake poyerekeza ndi dola kapena golide, n'kulonjeza kuti mtengowo sudzasuntha kupitirira gawo limodzi pa 100, m'mwamba kapena pansi. Bungwe la IMF linapangidwa kuti lizikongoza dziko limene laperewedwa ndalama zakunja kwa kanthawi, komanso kuti lizivomereza dziko likafuna kusintha mtengo wake pamene zinthu zavuta zenizeni.

Manje werengerani nokha. Ngati aunsi ndi madola 35 ndipo kwacha ndi dola imodzi ndi masenti 40, ndiye kuti aunsi imodzi inali K25. Papepala, kwacha inali golide wolemera galamu imodzi ndi kota. Apa ndi pamene anzathu amaombera m'manja. Koma mayi wogulitsa kapenta mu msika wa Masala sakanatenga K25 yake kupita nayo ku Banki ya Zambia n'kutuluka ndi golide. Palibe windo limene linali kupereka zimenezo. Lonjezo la Amereka linali la maboma ndi mabanki aakulu a mayiko chabe. Ngakhale nzika ya Amereka yeniyeni inali yoletsedwa ndi lamulo kusunga mipiringidzo ya golide kuyambira 1933 mpaka kumapeto kwa 1974. Golide anali kutali kwambiri ndi thumba la munthu wamba.

Ndipo mtengo "wosasinthawo" unali kusintha, koma mwadzidzidzi, usiku umodzi, popanda kufunsa ife. Mu Seputembala 1949 Britain inatsitsa paundi kuchoka pa madola 4.03 kufika pa 2.80. Ndalama imene wogwira ntchito mu mgodi ku Nkana kapena ku Mufulira anali kulandira inali yomangiriridwa ku paundi, choncho inatsika nayo limodzi tsiku lomwelo. Makampani a migodi anasekerera, chifukwa mkuwa womwewo unayamba kubweretsa mapaundi ambiri. Palibe munthu wakuda wa ku Northern Rhodesia amene anafunsidwa maganizo. Mu Novembala 1967 Britain inatsitsanso paundi kufika pa madola 2.40. Malawi inatsatira. Zambia inakana kutsatira, ndipo inatha kukana chifukwa mkuwa unali pamtengo wabwino ndipo ndalama zakunja zinali kulowa maningi. Ndicho chifukwa chake kwacha inabadwa yonenepa patapita miyezi iwiri.

Tikhalepo pang'ono apa, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse. Mtengo wokhazikika ndi lonjezo lakuti aliyense wobwera ndi kwacha adzapatsidwa madola pa mtengo umenewo. Lonjezo lotere silisungidwa ndi mawu a pulezidenti, limasungidwa ndi madola amene ali mu nkhokwe. Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Migodi yagulitsa mkuwa kunja n'kubweretsa madola 140 ku banki yaikulu, banki yapereka K100. Mwezi womwewo ogula mankhwala, mafuta a galimoto ndi zitsulo za makina abwera ndi K100, akufuna madola 140. Zakwanirana, aliyense wapita kwawo wokondwa. Manje mkuwa watsika mtengo ndi theka ku London, kumene mtengo wake umapangidwira. Madola olowa ndi 70 chabe, koma ofuna madola akali ndi K100 yawo ija, ndipo lonjezo likuti apatsidwe 140. Banki ipereka 70 yotsalayo kuchokera mu nkhokwe. Mwezi wamawa chimodzimodzi. Nkhokwe ikatha, njira zotsala n'zowawa zonse: kukongola kunja, kutsitsa kwacha, kufinya ndalama m'dziko mpaka anthu aleke kugula, kapena kusunga mtengo papepala n'kumasankha amene apatsidwe madola ndi amene amanidwe.

Zambia inapita m'njira imeneyi mosaphonya. Mkuwa unali kubweretsa magawo oposa 90 pa 100 a ndalama zakunja. Mafuta anakwera mtengo kumapeto kwa 1973, mkuwa unagwa pakati pa 1974 ndi 1975, ndipo boma linakongola poganiza kuti mtengo ubwerera msanga. Sunabwerere. Mu 1976 kwacha inatsitsidwa ndi magawo 20 pa 100. Kenako kunabwera kugawa madola ndi ziphaso. Mafakitale a mu Ndola muno anali kudikira chilolezo chogulira zipangizo kunja, makina ali chete. Funsani amayi anu za mizere ya sopo, saladi ndi shuga mu mashopu a boma m'ma 1980. Mtengo wa dola mu nyuzipepala unali wokongola, koma dolayo sinali kupezeka pa mtengowo pokhapokha ngati muli ndi wachibale mu ofesi yoyenera. Chizindikiro chakuti mtengo wokhazikika wafa n'chimodzi kulikonse: pamakhala mitengo iwiri, wa ku banki ndi wa kuseri, ndipo mpata pakati pake umangokula. Wopeza madola pa mtengo wa boma n'kukawagulitsa kuseri amalemera osatuluka thukuta.

Wina anganene kuti vuto linali la Zambia, kuti tinali osauka ndiponso odalira chinthu chimodzi. Nanga Amereka? Dongosolo lonse linali ndi nthenda m'kati mwake, ndipo katswiri wina wa zachuma, Robert Triffin, anaifotokoza poyera mu 1960. Kuti malonda a dziko lapansi akule, mayiko anafunika madola ochuluka m'nkhokwe zawo, ndipo madolawo akanatuluka mu Amereka pokhapokha ngati Amereka ikuwononga kunja zambiri kuposa zimene ikulandira. Koma madola akachuluka kunja kuposa golide amene ali m'chipinda, ndani adzakhulupirira kuti onse angasinthidwe pa 35? Zili ngati wa kantemba amene walemba mapepala a ngongole ya matumba 100 a unga koma m'kati ali ndi matumba 40. Palibe vuto malinga ngati eni mapepala sabwera tsiku limodzi. Anayamba kubwera. France ya Charles de Gaulle inasintha madola ake kukhala golide m'ma 1960. Nkhondo ya ku Vietnam inatulutsa madola enanso. Golide wa Amereka, amene anali pafupifupi matani 20,000 m'ma 1950, anatsika kupitirira theka. Mu Malichi 1968, kwacha yathu ili ndi miyezi iwiri chabe, mabanki aakulu analephera kugwira mtengo wa golide pa msika wa ku London, ndipo golide naye anakhala ndi mitengo iwiri. Pa 15 Ogasiti 1971 pulezidenti Richard Nixon analengeza kuti dola siisinthidwanso ndi golide. Anayesa kusoka zigamba, madola 38 pa aunsi, kenako 42, koma pofika Malichi 1973 ndalama zazikulu zonse zinali kuyandama pa msika. Dziko lolemera koposa onse, losindikiza dola lokha, linalephera kusunga lonjezo lake.

Sitikunena kuti zaka zimenezo zinalibe ubwino. Wamalonda anali kudziwa mtengo wa chaka chamawa, ndipo mayiko ambiri anakula mofulumira. Sitikunenanso kuti kugwa kwa kwacha n'chinthu chopepuka. Kumbukirani kuti mu Januwale 2013 anachotsa maziro atatu, ndiye dola ikamagulidwa pa K20 ya lero, ndi K20,000 ya makwacha akale aja. Zimenezo n'zomvetsa manyazi, ndipo maboma amene anasindikiza ndalama ndi kukongola mosasamala ayenera kuyankhapo. Koma bata la nthawi ija linali ndi mtengo wake umene okamba mu minibasi saunena. Linali kudalira malamulo oletsa ndalama kutuluka m'dziko. Ku Zambia malamulo amenewo anachotsedwa mu 1994. Inu amene mumaitanitsa mafoni ku China kapena zovala ku Nakonde, mukufuna kumalemba kalata yopempha chilolezo cha madola, n'kudikira miyezi?

Ndipo tinayesanso kulamula mtengo ndi pakamwa. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola mwa okushoni, kwacha inagwa kuchoka pa K2 ndi pang'ono kufika cha m'ma K20 pa dola. Pakati pa zimenezo, mu Disembala 1986, Kitwe ndi Ndola zinayaka moto chifukwa cha mtengo wa unga, anthu anafa. Pa 1 Meyi 1987 a Kaunda anasiyana ndi IMF n'kulamula kuti dola ikhale K8. Anthu anavina m'misewu. Madola sanachuluke chifukwa cha kuvinako, msika wakuseri unanenepa, ndipo pofika 1989 boma lomwelo linali litautsitsa mtengowo n'kubwerera kukagogoda ku IMF.

Banki ya Zambia inayamba kugula golide wa ku Kansanshi n'kumusunga mu nkhokwe. Zimenezo n'zanzeru, koma golideyo ndi chuma chosungira tsiku loipa, si lonjezo lakuti kwacha iliyonse ingasinthidwe. Amene akufuna kuona ndalama yatsopano yotchedwa ya golide asapite kutali. Zimbabwe inatulutsa ZiG mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi, n'kunena kuti ili ndi golide kumbuyo. Mu Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu ya kumeneko inaitsitsa kufika pa 24 ndi pang'ono, miyezi isanu ndi umodzi isanakwane.