Malire a mawu asanu ndiwo mayesowo

Aphunzitsi ena a Chingerezi amadandaula kuti gawo lachinayi la pepala lowerenga ndi galamala pa mayeso a Cambridge a B2 First ndi msampha wongofuna kugwetsa ana. Ine ndikukana, ndipo ndikuti amene akugwetsa anawo ndi mphunzitsi amene amawalowezetsa mndandanda wa ziganizo zofanana osawaphunzitsa kuwerenga mawu.

Mafunso amakhala 6. Pa funso lililonse mwana amapatsidwa chiganizo, liwu limodzi loti asalisinthe, ndi chiganizo china chokhala ndi mpata. Mumpatamo alembemo mawu osachepera awiri komanso osapitirira asanu, kuphatikizapo liwu lija, tanthauzo likhale lomwelo. Funso lililonse lili ndi malikisi awiri.

Titenge chiganizo ichi: "The last time I saw Tom was three years ago." Liwu lopatsidwa ndi SEEN, ndipo chiganizo chachiwiri ndi "I ... three years." Yankho ndi "have not seen Tom for". Awerengeni mawuwo: ndi asanu ndendende, palibe malo oika china.

Taonani zomwe malirewo achita. Liwu loti "seen" lamukakamiza mwana kusiya nthawi yakale yamba n'kugwiritsa ntchito "have". Tanthauzo lamukakamiza kuika "not", chifukwa chimuonereni Tom zaka zitatu zapitazo wolankhulayo sanamuonenso. Kenako asankhe pakati pa "for" ndi "since". Akalemba "since", walakwa, poti "three years" ndi kutalika kwa nthawi, pamene "since" imafuna tsiku kapena chaka chimene zinthu zinayambira. Koma popeza ochonga amagawa yankho pawiri, mwanayu akhoza kupezabe malikisi amodzi pa mbali yomwe wakhoza. Kodi msampha wanji womwe umalipira ngakhale theka la ntchito?

Pomwe ana ambiri amagwera ndi pa mawu ofupikitsidwa. Mwana amaganiza kuti akalemba "haven't" wapulumutsa malo, ndiye amawonjezera kenakake, n'kulemba "haven't seen Tom once for". Iye akuona mawu asanu, koma wochonga akuwerenga 6, chifukwa "haven't" amaiwerenga ngati "have not". Wapyola malire, ndipo vuto limeneli si la Cambridge ayi. Ndi la mphunzitsi amene sanamuzoloweze kutambasula mawu ofupikitsidwa asanawerenge ndi chala.

Mukachotsa malirewo, mwana wochenjera adzazungulira ndi chiganizo chachitali n'kuthawa galamala yomwe ikuyesedwayo, ndipo tidzamupatsa malikisi osadziwa ngati amatha kugwiritsa ntchito "have seen". N'chifukwa chake malirewo amangokula pang'ono mayeso akamakwera: mawu 3 mpaka 6 pa C1 Advanced, 3 mpaka 8 pa C2 Proficiency. Aphunzitsi, m'malo mwa mndandanda woloweza, mwana akalemba yankho mumufunse kuti asonyeze zinthu ziwiri zomwe zasintha m'chiganizocho, kenako awerenge mawu ake mokweza, limodzilimodzi.